Kasungu wa 2061: kulemba nthano ya madzi a muyezo popanda kuisandutsa kalasi ya sayansi

Wolemba nthano ya sayansi yokhudza madzi ali ndi vuto limene mnzake wolemba za zombo zopita ku nyenyezi alibe. Ku nyenyezi palibe wowerenga amene anafikako, ndiye ukanama pang'ono zimadutsa. Madzi aliyense amawadziwa. Mayi wa ku Kasungu amadziwa kulemera kwa ndowa, amadziwa kuti chigubu chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chidzaze pamjigo mu Okutobala, ndipo amadziwa madzi amene amalowa pa nsima ya anthu asanu ndi mmodzi. Mukamuuza kuti m'tauni yanu yam'tsogolo munthu amalandira malita awiri patsiku ndipo zakhala choncho kwa zaka khumi, atseka bukulo, chifukwa akudziwa kuti anthu amenewo akanamwalira kapena kuthawa chaka choyamba chisanathe.

Olemba ambiri akazindikira zimenezi amathawira mbali ina: amayamba kufotokoza. Masamba atatu a kusintha kwa nyengo, injiniya wolankhula ngati akuwerenga lipoti, mwana wofunsa mafunso amene mwana weniweni sangafunse. Nkhani imafera pomwepo. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yakuti masamu onse muwachite papepala lanu lapambali, mosanyengerera, kenako m'nkhanimo mulowetse zotsatira zake zokha. Tiyeni tiyese ndi tauni imodzi, kuyambira pa damu mpaka pa ndime yomalizidwa.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 60,000 m'tauni ya Kasungu. Madzi am'mipopi amachokera ku damu la Chitete, ndipo mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenako miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu kumakhala gwa. Zimenezo ndi zenizeni. Zotsatirazi ndi zopeka zanga: chaka ndi 2061, tauni yakula mpaka anthu 200,000, ndipo aliyense amalandira malita 20 patsiku, chigubu chimodzi, pogwiritsa ntchito khadi pakiyosiki.

Nambala ya 20 sindinangoitola. Thupi limafuna malita awiri ndi theka kapena atatu patsiku kuti likhale moyo, ndipo mabungwe othandiza anthu pa ngozi amagwiritsa ntchito malita 15 ngati muyezo wotsikitsitsa wa kumwa, kuphika ndi ukhondo m'misasa. Mzinda wa Cape Town utatsala pang'ono kuuma mu 2018 unatsitsa muyezo kufika pa malita 50, ndipo dongosolo la tsiku lotseka mipopi, limene silinafike, linali loti anthu azikatunga malita 25 m'malo osankhidwa. Choncho 20 ndi nambala yowawa koma yoti anthu angakhale nayo zaka zambiri, akudandaula, akuberana, akukwatirana. Nthano imafuna nambala yotero. Pa malita 5 mulibe tauni, muli ndi msasa wa anthu othawa. Pa malita 50 ambiri mwa owerenga athu angoseka, chifukwa kwawo amenewo ndi madzi a tsiku labwino.

Tsopano gawani chigubucho. Kumwa malita 3, kuphika 4, kutsuka mbale ndi kusamba m'manja 3, kusamba thupi 5, kuchapa 5. Chatha. Chimbudzi chogejemula chimameza malita 6 mpaka 9 ulendo umodzi, zakale zimaposa apo, ndiye m'dziko la nthano yathu sichingakhalepo. Chotsatira choyamba chatulukira chokha: amene muyezo ukuwapweteka kwambiri ndi a kumayadi, amene nyumba zawo zinamangidwa poganiza kuti madzi sadzatha. Bwana akukumbitsa chimbudzi kuseri kwa nyumba ya matailosi, ndipo amene akumulangiza pokumba ndi mlonda wake. Ku Bulawayo zofanana nazo zinachitika mwa mtundu wina: mu 2012, madzi atachepa, zonyansa zinayamba kuuma ndi kutseka mapaipi a zimbudzi, mpaka khonsolo inapempha anthu kuti azigejemula onse pa ola limodzi kuti madziwo akhale ndi mphamvu yokokolola. Chinthu ngati chimenecho wolemba sangachipeke atangokhala pampando. Chimabadwa pamene watsatira madzi kumene akupita.

Kukhitchini ndiye kuli chuma. Ufa woyera umafuna kunyika mphale masiku angapo ndi kuitsukuluza, choncho m'Kasungu wa 2061 anthu ambiri akudya mgaiwa, ndipo nsima yoyera yasanduka ya paukwati. Nyemba zimafuna kuthira madzi kangapo zisanapse, ndiye zatsika mtengo pamsika pamene usipa ndi soya zakwera. Matewera ochapa ndi chilango. Woumba njerwa ndi wotcheza kachasu, amene amafuna madzi oziziritsira, akugwira ntchito usiku ngati akuba. Wowerenga akaona mlendo akupatsidwa nsima yoyera n'kuchita manyazi kuidya, wamva kukula kwa vutolo kuposa mmene akanamvera mukanamupatsa chiwerengero cha mvula.

Pali masamu ena amene olemba amaiwala, a mzere. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho banja la anthu asanu ndi mmodzi liyenera kusuntha makilogalamu 120 tsiku lililonse. Wina ayenera kunyamula, ndipo m'tauni zathu tikudziwa kuti amakhala ndani: amayi, atsikana, ndi akabaza kwa amene ali ndi ndalama. Mpopi wotulutsa malita 10 pa mphindi umadzaza chigubu mu mphindi ziwiri, ndipo tikaphatikiza kusuntha zigubu ndi kudinda khadi tinene zitatu. Zigubu 200,000 zikufuna mphindi 600,000, amene ndi maola 10,000. Makiyosiki akamatsegula maola 10 patsiku, tauniyo ikufuna mipopi 1,000, kapena makiyosiki 250 a mipopi inayi, iliyonse yosamalira anthu 800. Palibe malo opumira m'masamu amenewa. Kiyosiki imodzi ikawonongeka, anthu 800 amakagwera pa ya anzawo, ndipo mzere umene umatha 4 koloko madzulo sutha mpaka usiku. M'nkhani simutchula 250 kapena 800. Mumangoonetsa mtsikana amene wajomba kusukulu kachitatu sabata imodzi chifukwa kiyosiki ya kwawo yatsekedwa, ndi mawu amene eni dera linalo akumulankhulira pamzere.

Mbava yaikulu ili kumwamba

Tipite kudamu, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli mfundo imene ingasinthe nthano yonse. Anthu 200,000 pa malita 20 ndi malita 4 miliyoni patsiku. Onjezani miliyoni imodzi ya chipatala, sukulu, ndende ndi msika. Mapaipi amadontha, ndipo tikayerekeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi limatayika panjira, pamafunika kupopa malita pafupifupi 6.7 miliyoni kuti 5 miliyoni afike. Kuchokera Epulo mpaka mvula ya Disembala ndi masiku ngati 240, choncho tauni ikufuna malita 1,600 miliyoni osungidwa.

Ndipeke damu, osati la Chitete lenilenilo, la mahekitala 100 ndi kuya kwa mamita atatu tikafananiza ponseponse. Likadzaza muli malita 3,000 miliyoni. Poyang'ana koyamba madzi alipo ambiri, pafupifupi kawiri zofunika. Koma dzuwa ndi mphepo zimachotsa pamwamba pa madzi mamilimita angapo tsiku lililonse, ochepa mu Juni, ofika 7 kapena kuposa m'kutentha kwa Okutobala. Mamilimita 7 akumveka ngati nthabwala mpaka muwachulukitse ndi mahekitala 100: ndi malita 7 miliyoni pa tsiku limodzi. Pa tsiku lotentha dzuwa limamwa madzi ambiri kuposa tauni yonse pamodzi ndi mapaipi ake odontha. M'chilimwe chonse damulo limatsika ndi mita ndi kachidutswa popanda munthu kutungapo, malita pafupifupi 1,200 miliyoni. Otsala ndi 200 miliyoni, madzi a mwezi umodzi. Ndiye kumbukirani kuti damu limakwiririka ndi dothi lokokoloka m'minda ya kumtunda. Matope akadya theka la mita, malita 500 miliyoni apita, ndipo tauni yalowa m'ngongole ngakhale chaka chimene mvula yagwa bwino.

Taonani zimene masamu amenewa apereka. Nthano sikufunikanso chilala chodabwitsa chimene sichinachitikepo, kapena mdani amene wathira poizoni m'damu. Mvula ikhoza kumagwa monga kale, mwinanso yamphamvu kuposa kale koma m'masiku ochepa, ndipo madzi n'kumasowabe. Aperekanso kalendala: nkhani yoyamba mu Meyi ndi ya anthu odekha, ya mu Novembala ndi ya anthu oyang'ana mitambo, ndipo mvula ikachedwa masabata atatu ndiye kuti muyezo utsika kuchoka pa 20 kupita pa 15. Aperekanso chithunzi cha m'tsogolo chomveka bwino, damu lofunditsidwa ndi masola oyandama kuti dzuwa lisafike pamadzi, ndi anyamata a mabwato amene ntchito yawo ndi kupukuta fumbi ndi zitosi za mbalame. Ndipo nthawi imene dzuwa likumwa kwambiri ndi yomweyo imene alimi a fodya a kumtunda akuthirira nazale zawo. Mkangano wa tauni ndi mudzi simuufunafuna, uli kale pakalendala.

M'nkhani, zonsezi zikhoza kukhala mzati umodzi wopakidwa mizere m'mphepete mwa damu, ndi bambo wina amene amadutsapo m'mawa uliwonse n'kunena kuti, "Mwala wa ng'ona waonekera, chaka chatha unaoneka mu Novembala." Wowerenga wamva kuti madzi atsika msanga. Mamilimita atsala papepala lanu.

Makomo amene wowerenga adzagogoda

Wowerenga wochenjera sakhulupirira muyezo mpaka atayesa makomo onse othawira. Simuyenera kuwatseka ndi ndime zazitali, koma muyenera kudziwa yankho lililonse, ndipo lina lionekere m'zochitika.

Loyamba ndi mjigo. Pansi pa chigwa cha Kasungu madzi amapezeka m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu, ndipo chitsime chimodzi sichipereka ambiri. Mjigo wa manja wotulutsa malita 15 pa mphindi, ukapopedwa maola 10 osapuma, ndi malita 9,000, okwanira anthu 450. Kumudzi zimenezo ndi zokwanira. M'tauni yothinana zitsime zoyandikana zimalandana madzi, chakuya chimaumitsa chosaya, ndipo popeza aliyense wabwerera ku chimbudzi chokumba, zonyansa zimatsikira m'madzi omwewo. Amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, safunika kumufotokozera chifukwa chake mjigo wina wapakidwa utoto wofiira ndi kumangidwa unyolo. Unyolowo ndi wokwanira.

Lachiwiri ndi nyanja. Apa wolemba asaname kuti n'zosatheka. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, Kasungu ali pamwamba pa mamita 1,000, ndipo pakati pali mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Kukweza malita 1,000 ndi mamita 600 kumadya mayunitsi a magetsi 1.6 makina akanakhala angwiro, ndipo ndi zotayika panjira tinene atatu. Tauni yathu ingafune mayunitsi 20,000 patsiku. Ndi zotheka. Chimene chimatseka khomo limeneli ndi ndalama, ndale, ndi magetsi ochokera mumtsinje wa Shire amene amachepa zaka zomwezo za chilala, monga tinaonera cha mu 2016 ndi 2017. Choncho m'nthano ikani paipi yaikulu imene inalekezera panjira, ana akusewera m'kati mwake, ndipo aliyense wofuna mavoti amalonjeza kuimaliza.

Lachitatu ndi denga, ndipo limeneli sindingalitseke, chifukwa ndi lokoma likakhala lotsegula. Denga la malata la masikweya mita 50, pa mvula ya mamilimita 800, limalandira malita 40,000. Ngakhale mutataya gawo limodzi mwa asanu, 32,000 otsalawo ndi muyezo wa banja la anthu asanu ndi mmodzi kwa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Madzi alipo. Chosowa ndi mosungira. Wokhala ndi madilamu awiri amaonerera mvula ikusefukira pansi mu Januwale, pamene wa matanki asanu ndi limodzi a malita 5,000 sadziwa n'komwe kumene kiyosiki ili. Mu Kasungu wa 2061 chuma cha munthu chimawerengedwa ndi matanki, lendi ya nyumba imatengera kukula kwa denga, ndipo funso lakuti mvula yogwera pa denga la lendi ndi ya mwini nyumba kapena ya wokhalamo likhoza kunyamula buku lonse.

Khomo limodzi lokha ndikupemphani kuti musalitsegule: makina otulutsa madzi mumpweya n'kupulumutsa tauni pa tsamba lomaliza. Makina otero alipo, koma mpweya wotentha madigiri 30 umanyamula magalamu 30 a madzi pa kiyubiki mita ukakhuta chinyontho, ndipo masana a chilimwe ukhoza kukhala ndi 9 okha. Chigubu chimodzi chingafune mpweya woposa makiyubiki mita 2,000 mutaufinya wonse, chimene sichitheka. Makinawo amagwira bwino nthawi ya mvula, pamene simukuwafuna.

Chopeka chimodzi, chotsatiridwa mpaka kumapeto

Mpaka pano zonse zikhoza kuchitika ndi zipangizo za lero. Nthano ya sayansi imafuna chinthu chimodzi chatsopano, ndipo ndikuti chimodzi chifukwa chilichonse chowonjezera chimabwera ndi ngongole yake ya kufotokoza. Changa ndi ichi: kuti ulandire chigubu cha mawa, uyenera kubweza madzi amene wagwiritsa ntchito lero. Kiyosiki ili ndi mipopi mbali imodzi ndi chothiramo mbali inayo, ndipo madzi obwezawo amasefedwa n'kubwereranso.

Maziko ake ndi enieni. Mzinda wa Windhoek ku Namibia wakhala ukuyeretsa madzi ogwiritsidwa kale ntchito n'kuwabwezera m'mipopi yakumwa kuyambira 1968. Chopeka changa ndi kungoika ntchitoyo pamutu pa munthu, m'ndowa, m'malo mwa mapaipi apansi. Pa malita 20 aja, akumwa ndi ophikira sabwerera, ena amatsalira m'zovala zoyanika, ndiye muyezo wobweza ndi 12. Sefa zothina kwambiri, zimene zimatsekereza ngakhale mchere, sizibweza onse. Tinene kuti zimapulumutsa magawo atatu mwa anayi, malita 9 pa munthu, ndipo otsalawo ndi madzi oipa a mchere ndi sopo amene ayenera kutayidwa kwinakwake. Pa tauni yonse opulumukawo ndi malita 1.8 miliyoni patsiku, ndipo m'chilimwe chonse ndi madzi a miyezi iwiri. Mwaona chifukwa chake boma la m'nthanoyo silingagonje pa lamuloli: miyezi iwiriyo ndi imene imalumikiza Okutobala ndi mvula.

Kuchokera apa mafunso amabwera okha. Madzi oipa aja amatayidwa kumbali iti ya tauni, ndipo kumakhala ndani? Munthu amene wabweza malita 10 okha amawonjezera chiyani kuti akwane 12? Ena adzathira mkodzo, choncho chothiramo chili ndi kachipangizo koyeza mchere, kotchipa ndiponso kopezeka ngakhale lero, kamene kamayatsa nyali yofiira pamaso pa mzere wonse. Sopo wina amatseka sefa msanga, ndiye ndi woletsedwa ndipo amagulitsidwa mobisa. Sefa zimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa madzi amayamba kumveka kamchere.

Koma funso lalikulu si la makina. Kwathu kuno madzi amene munthu wasamba si madzi wamba. Alipo ambiri amene sangalole kuti litsiro la thupi lawo lipite m'manja mwa munthu wosamudziwa. Nanga madzi osambitsira mwana wakhanda ali m'chikuta? Nanga osambitsira maliro? Lamulo likuti malita 12, mwambo ukuti madzi amenewo amatayidwa pamalo pake ndi anthu ake. Siwa ya masiku awiri imafuna madzi ophikira anthu mazana, ndiye payenera kukhala kalata ya amfumu yopempha madzi a maliro, ndipo pamene pali kalata pali wina woigulitsa. Wolemba wa kutali sangafike kumeneku, ndipo ndi kumene nthano ya Kasungu imasiyanirana ndi ya mzinda wina uliwonse wouma.

Tsopano tione kusiyana kwake patsamba. Nayi ndime ya mtundu umene ndikuukana:

"Monga ukudziwa, mdzukulu wanga, kuyambira pamene damu linakwiririka boma linakhazikitsa lamulo lakuti munthu aliyense azibweza malita 12 pa malita 20, amene amasefedwa ndi makina ochotsa mchere, ndipo amene sabweza amadulidwa muyezo wake."

Zonse ndi zoona m'dziko la nthanoyo, koma palibe gogo amene angauze mdzukulu wake chinthu chimene mwanayo wakhala akuchisenza pamutu kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mawu akuti "monga ukudziwa" ndi chizindikiro chakuti wolemba wasiya anthu ake n'kuyamba kulankhula ndi ife. Nayi ina:

Mtsikanayo anapendeketsa ndowa kuti aone mzere wa m'kati. Madzi anali kutali nawo.

"Agogo, a m'beseni lija ali kuti?"

"Ndathira kuseri, patsinde pa nthochi."

"Agogo! Akwana bwanji tsopano? Atidula awiri mawa."

"Adule. Madzi osambitsira malume ako amwe anthu a kumsika? Ine ndikadali moyo?"

Anatenga ndowayo osayankha. Pakiyosiki anaima kumbuyo kwenikweni, kudikira kuti a kutchalitchi kwawo achoke. Itafika nthawi yake, bambo wa pachothiramo anayang'ana sikelo, kenako anayang'ana mpango wakuda umene unali kumutu kwake.

"Pepani ndi zovutazi, chemwali. Kalata ya amfumu muli nayo?"

"Akuti mafomu atha."

Bamboyo anasuzumira kumsewu, n'kukankhira ndowa yake ya mopu pafupi ndi phazi la mtsikanayo.

Mu ndime imeneyi mulibe damu, mulibe sefa, mulibe 12. Komabe wowerenga watulukamo akudziwa kuti madzi amabwezedwa, amayezedwa, operewera ali ndi chilango, madziwo amamwedwanso, pali njira ya maliro imene sikugwira ntchito, ndipo ogwira ntchito pakiyosiki ali ndi njira zawo zachifundo. Chimene chanyamula sayansiyo ndi mkangano wa anthu awiri amene onse akulidziwa lamulo koma akusiyana pa kulimvera. Anthu safotokoza zimene amagwirizana. Amatchula malamulo pamene akukangana, akuchita malonda, kapena akuphunzitsa mlendo, ndipo mlendoyo mumugwiritse ntchito kamodzi kokha, chifukwa akafunsa kachitatu wowerenga amazindikira kuti analembedwa ganyu yofunsa.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene ndi zoona pa mapaipi otsegulidwa mwa apo ndi apo, zimene owerenga a m'tauni amazidziwa ndi maso ngakhale sanamvepo chifukwa chake. Paipi ikakhala yopanda madzi imayamwa madzi akuda a m'nthaka kudzera m'ming'alu momwe imadonthera, n'chifukwa chake oyamba kutuluka amakhala ofiira. Mpweya umatsogola, mpopi n'kumatsokomola, ndipo mpweyawo ukhoza kuzunguza mita ngati madzi. Madera a kumunsi amalandira poyamba, a kumtunda, monga okhala m'munsi mwa phiri la Kasungu, amalandira pomaliza kapena osalandira. M'nthano, chimenechi ndi chifukwa chake palibe amene amafuna kukhala woyamba pamzere wa m'mawa, ndipo osauka kwambiri amalipidwa kuti atenge chigubu choyamba. Chiganizo chimodzi chotero chimagula chikhulupiriro cha wowerenga kwa masamba makumi awiri.

Mukamaliza kulemba, njira yoyesera ndi yosavuta. Tengani chaputala chimodzi n'kulemba m'mphepete lita iliyonse imene yagwiritsidwa ntchito. Ngati munthu wanu wasamba kawiri, wachapa bulangete, waphika nyemba ndiponso wapatsa mlendo madzi, wadutsa 20 kalekale, ndipo muyenera kusankha: mwina muchotse zina, kapena muvomereze kuti ali ndi gwero lobisika, limene mwina ndi nkhani yabwino kuposa imene munayamba nayo. Yang'ananinso zakumbuyo kwa zochitika. Kapinga wobiriwira, galimoto yotsukidwa, galu wonenepa, malaya oyera a mwana wasukulu, chilichonse mwa izi chiyenera kukhala ndi mwini wake wodziwika ndi mtengo wake. Kenako fufuzani ndime iliyonse imene ili ndi manambala oposa awiri n'kufunsa kuti ndani m'chipindamo sakuwadziwa. Ngati onse akuwadziwa, ndimeyo ibwerere papepala lapambali, ndipo m'malo mwake mulowe munthu amene akufuna malita awiri amene alibe.